Musafulumire kufufuta mayina obwereza m'kaundula wa odwala

"Ndangoyamba ukalaliki pachipatala china chaching'ono kuno ku Ntcheu. Kaundula wa odwala amene ndampeza mu Excel ali ndi mizere yoposa 4,000. Munthu mmodzi analembedwa kangapo, mayina akusiyana kalembedwe, madeti ena akuyamba ndi tsiku ena ndi mwezi. Mnzanga akuti ndingodina Remove Duplicates. Nditero?"

Ayi achemwali, musadine. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo mtima unachita kuti phwii, chifukwa batani limenelo ndi limene linandichititsa manyazi aakulu pa ntchito yanga yonse.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa kachipatala kena cha kumtunda kuno, kozizira koti m'mwezi wa Juni zala zimakana kutaipa. Lipoti la pamwezi linkafunika mawa lake, magetsi anali atangoyaka kumene, ndiye ndinafuna kuthana nazo msanga. Ndinasankha dzina, tsiku lobadwa ndi mudzi, n'kudina. Mizere yambiri inachoka, ine n'kupita kukagona ndikudzitama. Patapita masabata angapo, mlangizi wa zaumoyo anabwera kudzafunsa chifukwa chimene mwana wina sakuoneka pamndandanda wa ana ofunika kuwayendera. Anali mapasa. Pamene ankalembedwa anali asanapatsidwe mayina, choncho onse awiri analembedwa kuti "mwana wa Naphiri", tsiku lobadwa limodzi, mudzi umodzi. Batani lija limasunga mzere woyamba n'kuchotsa wina uliwonse wofanana nawo, silifunsa. Amene linachotsa ndi yemwe anabadwa wochepa sikelo, amene ankafunika kuonedwa pafupipafupi. Mwayi wake mlangiziyo ankawadziwa mayi awo. Ine ndinalibe ngakhale kope la fayilo yakale. Ndinakhala Loweruka lonse ndikuvundukula buku lalikulu la pepala.

Komanso batanilo limalephera mbali zonse ziwiri. Anthu awiri osiyana limawaphatikiza, pomwe munthu mmodzi wolembedwa kuti Phiri apa ndi Phili apo limamusiya ngati anthu awiri. Ife m'Chichewa l ndi r timaziponyera pomwe tafuna. Biriwiri mudzampeza ali Biliwili, Biliwiri, Biriwili. Akuluakulu ena mpaka pano amalemba Ncheu, monga zinkalembedwera kale. Mayi yemweyo lero atchula dzina la bambo ake, mwezi wamawa la amuna ake, tsiku lina angoti Nabanda. Ndipo musawakwiyire, sakunama ayi, mayina onsewo ndi awodi. Amene ndimawadandaula ine ndi aja amabweretsa kompyuta pachipatala n'kuchoka osauza munthu ndi mmodzi yemwe kuti deti izilembedwa bwanji. Kwa ife kuno, kumene odwala ena amachita kuoloka msewu pa Lizulu kuchokera ku Mozambique, kalembedwe ka Chipwitikizi nakonso kamalowerera. Koma ndisapatuke kwambiri.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti muyambe ndi madeti. Mayina obwereza simungawazindikire madeti akadali osokonezeka, chifukwa deti ndi imene imakuuzani ngati a Phiri awiriwa ali munthu mmodzi.

Za madeti

Kwa Excel, deti yeniyeni ndi nambala chabe yowerenga masiku. Mwachitsanzo, 15 Malichi 2023 ndi 45000. Vuto limabwera kompyuta ikakhala kuti inatcheredwa mwa Chimereka, mmene mwezi umayamba tsiku n'kutsatira. Tiyerekeze kuti amene munamulowa m'malo ankalemba odwala a mu Epulo 2023. Pa 3 Epulo analemba 3/4/2023, kompyuta n'kumva kuti ndi 4 Malichi, ndipo inalandira mwakachetechete. Pa 13 Epulo analemba 13/4/2023. Mwezi wa 13 kulibe, choncho kompyuta inangoisiya ngati mawu wamba. Mukayang'ana, nthawi zambiri madeti a mawuwa amatsamira kumanzere kwa kabokosi, pomwe a nambala amatsamira kumanja. Chodabwitsa n'chakuti amene akuoneka olakwika aja, a tsiku 13 kupita m'tsogolo, ndiwo osavuta. Oopsa ndi a tsiku 1 mpaka 12, amene akuoneka abwinobwino koma anatembenuzika.

Ambiri amathamangira Text to Columns n'kusankha Date: DMY. Zimenezo zimakonzadi madeti a mawu aja, koma zikatero onse amaoneka ofanana moti simungawasiyanitsenso. Choncho musanakonze kalikonse, ikani chizindikiro. Ngati madeti ali mu C, lembani izi m'danga latsopano, mukokere mpaka pansi, kenako mukopere n'kumata ngati Values kuti mayankho asasinthe:

```
=ISNUMBER(C2)
```

Tsopano tengani mizere makumi awiri kapena atatu ya TRUE, kutanthauza ya madeti a nambala aja, muiyerekeze ndi buku la pepala. Kaundula amalembedwa motsatana masiku, ndiye mukaona 4 Malichi wakhala pakati pa odwala a mu Epulo, mwamugwira. Mukatsimikiza kuti chigawo chimenecho chinatembenuzika, chibwezeni motere, m'danga linanso:

```
=DATE(YEAR(C2),DAY(C2),MONTH(C2))
```

Musaigwiritse ntchito pa fayilo yonse mwachimbulimbuli. Ngati miyezi ina inataipidwa pa kompyuta yotcheredwa bwino, madeti ake ndi olondola kale, ndipo mungawaononge. Pitani mwezi ndi mwezi. Mukamaliza, madeti onse aoneke ngati dd-mmm-yyyy, kuti mwezi uzioneka m'mawu. Chenjeraninso ndi zaka zolembedwa ndi manambala awiri: Excel imatenga 00 mpaka 29 ngati za m'ma 2000, moti agogo obadwa mu 28 amasanduka obadwa mu 2028. Ndipo mukapeza anthu ambirimbiri obadwa pa 1 Januwale, musadabwe. Kumene ndinkagwira ine, munthu akangodziwa chaka chokha tinkalemba tsiku limenelo, choncho deti yotero si umboni woti awiri ndi mmodzi.

Mayina musawakonze pamene alipo, asiyeni mmene analembedwera. Ngati mayina ali mu B, pangani danga lothandizira limene lichotse mipata yoonjezera, lichepetse zilembo zonse, lisandutse r kukhala l ndi kuchotsa kachizindikiro ka pa M'bewe:

```
=SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(LOWER(TRIM(B2)),"r","l"),"'","")
```

Sanjani fayilo potsata danga limeneli ndi tsiku lobadwa, ofanana adzagundizana okha. Apa ndiye pofunika maso anu. Pa awiri alionse yang'anani mudzi, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, dzina la womuyang'anira, ndi nambala ya m'buku lake la kuchipatala ngati ilipo. Pamene mukukayika, funsani alangizi a zaumoyo, iwowa amadziwa kuti a Phiri a kuseri kwa tchalitchi si a Phiri a kuchigayo. Mukatsimikiza, mupatseni munthuyo nambala imodzi pa mizere yake yonse. Kumbukiraninso kuti munthu kuoneka kanayi nthawi zambiri ndiye kuti anabwera kanayi. Mzere wobwerezadi ndi wa munthu yemweyo, tsiku lomwelo, thandizo lomwelo. Umenewo musaufufute: samutsirani zimene zikusowa mumzere wotsala, wina uja muulembe kuti "wobwereza wa nambala yakuti" n'kuubisa ndi Filter.

Zonsezi muchite pa kope, fayilo yoyamba muisunge osaikhudza. Ndipo chonde musanditumizire fayiloyo kuti ndikuonereni, ngakhale pa WhatsApp, muli matenda a anthu mmenemo. Mizere 4,000 imeneyo, muzitengako mwezi umodzi kapena iwiri madzulo alionse mzere wa odwala ukatha, buku la pepala lili pambali panu.