Batire ikhale ya Pi ndi rauta, pampu idikire kaye

"Ndili ku Luchenza. Raspberry Pi 4 ndi imene imayatsa pampu yodzaza thanki ya ku nazale yanga, imanditumiziranso uthenga pa foni. Magetsi akazima zonse zimaima, akabwera pampu imangodzuka yokha, ndipo khadi ya SD yawonongeka kawiri. Ndigule UPS yaikulu bwanji?"

Achimwene, UPS ya kompyuta ija isiyeni kaye. Imatenga moto wa batire wa 12V n'kuukweza kufika 230V, kenako chaja yanu n'kuutsitsanso, ndiye moto wambiri umathera m'njira. Pampu nayo musaiyike pa batire, madzi a m'thanki ndiwo nkhokwe yanu. Chofunika kukhala maso ndi Pi ndi rauta basi.

Tiyeni tiwerengere. Pi 4 imadya mawati pafupifupi 5, rauta yaing'ono pafupifupi 7, zonse pamodzi 12. Batire ya 12V 7Ah ili ndi 84Wh, koma ya mtovu simuipopa kupitirira theka ngati mukufuna ikhalitse. Mwatsala ndi 42Wh, omwe ndi maola atatu ndi theka, tingoti atatu chifukwa wina umatayika. Ngati kwanuko magetsi amapita maola 8, pezani ya 20Ah. Rauta ngati yalembedwa 12V kumbuyo, nthawi zambiri imalola kudya pa batire, koma Pi imafuna kotsitsira moto kotulutsa 5.1V 3A. Chaja ya batire ikhale yolumikizidwa ku batireyo nthawi zonse, ndipo ikani fyuzi pa waya wa + pafupi ndi batire penipeni. Pawa banki ya foni musaidalire, zambiri zimadula moto kamphindi magetsi akamazima, Pi n'kuyambiranso. Za sola ndi nkhani ya tsiku lina, chiperoni chikagwira masiku atatu kunoku mukudziwa mmene zimakhalira.

Khadi imawonongeka moto ukaduka Pi ili mkati molemba. Choncho Pi izitha kuyeza batire, kagawo ka INA219 kamachita zimenezi, ndipo ikaona yatsika pansi pa 11.8V izidzitseka yokha. Apa pali msampha umene unandigwira ine kuno ku Chitakale. Pi ikadzitseka koma moto wa batire ukadalipo, siyidzukanso ngakhale magetsi abwere. Ndinapeza kababu kofiira kakuyaka bwinobwino, thanki ili gwa. Mankhwala ake ndi kodulira moto kotchedwa LVD: kazidula pa 11.5V, n'kubwezera batire ikakwera kupitirira 12.8V. Pamakhalabe mpata woti magetsi abwere Pi itadzitseka koma LVD isanadule, ndiye ine ndinawonjezera kataima kodula moto wa Pi mphindi imodzi magetsi akangobwera ngati yapezeka yogona. Mukaona kuti zimenezo zachuluka, ingokulitsani batire kuti isamafike kumeneko.

Tsopano pampu, pamene pali ngozi yeniyeni. Mukangoika batire, Pi siidziwanso kuti kunja kwazima. Rileyi, kaswichi kamene Pi imayatsira pampu, imakhala yoyaka chidikirire, ndipo magetsi akangoti phethi pampu imalandira moto woyamba uja, womwe nthawi zina umabwera wochepa kapena kuzima n'kuyakanso kangapo. Mota imang'ung'uza, kutentha, mapeto ake kupsa. Pampu idutsire pa kontakita, swichi yamphamvu imene imayaka koyilo yake ikalandira moto, ndipo waya wopita ku koyilo ya kontakitayo udutse motsatizana pa zinthu zitatu: rileyi ya Pi, polumikiza pa NO, pamene sipadutsa moto rileyi ikakhala yozima, osati pa NC, taima yochedwetsa yodya moto wa pakhoma yoikidwa pa mphindi 5, ndi swichi yoyandama ya m'thanki. Chimodzi chikakana, pampu siyaka, ngakhale Pi itasokonezeka mutu. Mbali ya 230V imeneyi apatseni amisiri a zamagetsi.

Kudzuka kokha kumene mukukuonako mwina kukuchokera pa rileyi. Tambiri mwa timabodi ta rileyi timayaka pini ya Pi ikakhala pansi, pa 0V, ndiye Pi ikamadzuka, pulogalamu isanayambe, kamalira "thi". Ngati kanu ndi kotero ndipo kali pa GPIO 17, onjezani mzere uwu mu `config.txt` kuti piniyo izikhala pamwamba Pi ikamadzuka:

```
gpio=17=op,dh
```

Pulogalamu yanunso isamawerenge mphindi n'kuganiza kuti yapopa. Ikhoza kuwerenga mphindi 40 pampu ili zii. Izifunsa swichi ina yoyandama ya m'thanki, yosakhudzana ndi waya wa kontakita uja, ndipo ikadzuka iziyambira pozima, osati pamene inalekezera.

Mukamaliza, yesani muli pomwepo. Pampu ikuyenda, gwetsani swichi yaikulu, muone ngati uthenga ukufikabe pa foni. Bwezerani, mugwetsenso pasanathe mphindi imodzi, mubwezerenso: kontakita isalire mpaka mphindi 5 zitakwana kuchokera pomwe mwabwezera komaliza. Kenako lembani `vcgencmd get_throttled`. Ikayankha `throttled=0x0` zili bwino, koma ikabweretsa `0x50000` ndiye kuti moto wa Pi unatsikapo, yambani kukayikira waya wopyapyala wa USB wopatsa Pi moto.