Nyimbo zopanda mawu zomvera pokonzekera mayeso

"Mayeso ayandikira, ndipo ine ndimalephera kuwerenga pakakhala zii, koma nyimbo za mawu zikundisokoneza. Kodi ndizimvera nyimbo ziti za zida zokhazokha?"

Ndikukulangizani kuti muyambe ndi nyimbo za piyano yokha zoyenda pang'onopang'ono, makamaka zitatu zotchedwa Gymnopédies zimene Erik Satie wa ku France anapeka mu 1888. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza sizikwera kapena kutsika modzidzimutsa, motero khutu limazizolowera msanga n'kusiya kuzilondola. Popeza ndi zazifupi, iliyonse mphindi zitatu kapena zinayi, muwonjezerepo chimbale cha Brian Eno cha mu 1978 chotchedwa Ambient 1: Music for Airports. Nyimbo yake yoyamba, 1/1, imatenga mphindi pafupifupi 17 ikubwereza timagawo tochepa ta piyano. Ziwiri zotsatira zili ndi anthu oimba mosatchula mawu, ndipo ngati zimenezo zikukukokani maganizo mungozidumpha.

Chofunika kudziwa n'chakuti kusowa kwa mawu pakokha sikukwanira. Mukamawerenga mumatchula mawu chamumtima, ndipo chilichonse chobweretsa mawu ena m'mutu chimalimbana ndi zimene zili patsambalo. N'chifukwa chake nyimbo imene mumaidziwa bwino, ngakhale itaimbidwa ndi gitala yekha, ndi msampha: woimbayo kulibe, koma inuyo mudzayamba kuimba m'malo mwake osazindikira. Pewaninso nyimbo za gulu lalikulu la zida, monga zambiri za Beethoven, chifukwa zimatha kuyenda motsitsa kwambiri kenako n'kuphulika, ndipo nthawi iliyonse zikatero maso amachoka pamzere.

Kuti mudziwe ngati nyimbo ikukuyanjani, iyeseni motere. Tsitsani voliyumu mpaka muzimva kuthetheka kwa pepala mukamatembenuza tsamba. Werengani masamba awiri, tiyerekeze a mmene mtima umapopera magazi, kenako tsekani buku ndi kulemba njira yonse ya magaziwo osayang'ana. Tsiku lotsatira chitani chimodzimodzi ndi mutu wina wolingana nawo kuvuta, koma popanda nyimbo. Ngati pamene panali nyimbo munabwereza ndime imodzi kawiri kapena katatu, munayamba kugwedeza phazi, kapena mukukumbukira kayendedwe ka nyimboyo kuposa zimene munawerenga, isiyeni ngakhale ikukusangalatsani.

Konzeranitu mndandanda wokwana ola lathunthu musanatsegule buku, ndipo muusunge mufoni kuti kutsatsa malonda kusakuduleni pakati. Dzanja likangopita kukasintha nyimbo, mauthenga nawonso amakhala akudikira pomwepo.

Ine ndimaona kuti nyimbo zoterezi zimathandiza kwambiri pochita masamu ndi polemba manotsi kusiyana ndi poloweza matanthauzo. Pochita mapepala a mayeso akale, zimitsani zonse ndipo mudziikire nthawi yeniyeni, chifukwa m'chipinda cha mayeso simudzakhala piyano, ndipo mutu uyenera kuzolowera bata limenelo tsikulo lisanafike.