Ngongole ya ku banki mkhonde ikundiphinja, ndilowe gulu lachiwiri?

"Ndimagulitsa kaunjika pa Lunzu. Ndili mu banki mkhonde ya anthu 20, sheya ndi K2,000 ndipo ine ndimagula zisanu sabata iliyonse. Ndinakongola K300,000 pa chiongola dzanja cha 20 peresenti pa mwezi nkupikula belo koma mwezi watha zovala zisanathe. Anzanga akuti ndisadandaule poti chiongola dzanjacho chidzabwerera kwa ine pogawana mu Disembala. Kodi ndilowe banki ina kuti mpamba ukule?"

Ayi mayi, gulu lachiwirilo musalowe kaye. Makalata ngati anuwa ndawerenga ambirimbiri ndipo amene amafunsa za banki yachiwiri nthawi zambiri sakufuna mpamba, akufuna pokatenga ndalama yoti akatsekere ngongole ya ku banki yoyamba. Lachiwiri kukongola kuno, Lachisanu kukabweza uko, pomafika Okutobala ali m'magulu atatu ndipo foni amayankha akaona kaye nambala. Koma chomwe chandiimitsa mutu kwenikweni ndi mau a anzanuwo oti chiongola dzanja chidzabwerera kwa inu. Pamenepo mpomwe pali dzenje, ndiye tiyeni tikhale pansi tiwerengetsere.

Chiongola dzanja chonse chimene anthu amapereka chimalowa m'bokosi limodzi, ndipo tsiku logawana sayang'ana kuti anapereka ndani, amayang'ana kuti ali ndi masheya angati ndani. Amawerenga ndalama zonse zili m'bokosi, ngongole zonse zitabwezedwa, nkugawa ndi chiwerengero cha masheya onse a gulu, yankho lake ndiye mtengo watsopano wa sheya imodzi. Tiyerekeze kuti gulu lanu lakumana masabata 48. Inu simunajombe, zisanu zisanu mpaka kumapeto, ndiye muli ndi masheya 240, yomwe ndi K480,000. Anzanu ena amagula ziwiri, ena imodzi, ena sabata zina osagula, tinene kuti gulu lonse lafika masheya 3,000, K6,000,000. Kuphatikiza chiongola dzanja ndi zindapusa za ochedwa m'bokosi mwapezeka K8,400,000. Sheya ya K2,000 ija yasanduka K2,800, inu mutenga K672,000, phindu lanu K192,000. Zabwino ndithu, ndipo nchifukwa chake banki mkhonde ine ndimaikonda.

Tsono onani mbali inayi. Masheya 240 pa 3,000 ndiye kuti pa K100 iliyonse ya m'bokosi yanu ndi K8 basi. K60,000 imene mukupereka mwezi uliwonse pa ngongole yanuyo, yobwerera kwa inu ndi K4,800, yotsalayo K55,200 agawana anzanu, makamaka amayi aja amene amangogula masheya phee osakongola, mukuwadziwa, gulu lililonse alipo. Mukakhala nayo ngongoleyi miyezi inayi mukungopereka chiongola dzanja chokha mwataya K240,000, kuposa phindu lonse la K192,000 lija. Mu Disembala mudzavina nawo, chitenje cha yunifolomu chili m'chiuno, koma mukadzawerengetsa bwino mwaluza K48,000 ndipo chaka chonse mwagwirira ntchito anzanu.

Alipo magulu ena amene anagwirizana kuti aliyense azidya chiongola dzanja chake chomwe, mlembi amalemba padera zimene munthu wapereka nkudzamubwezera pogawana, ndipo enanso amakakamiza kuti membala aliyense akongole afune asafune. Kaoneni malamulo a gulu lanu, olembedwa, osati a pakamwa pa wapampando. Ngati anu ali otero ndiye anzanuwo akunena zoona pang'ono, komabe K60,000 pa mwezi ikuchoka mu geni yanu nkukagona m'bokosi mpaka Disembala pomwe inu mukusowa yopikulira belo lina.

Belo lija tsopano. Sindinalione koma ndiyerekeza: mwalitenga pa K300,000, mukadzagulitsa zonse mpaka zotsalira za pansi zija zoti "tengani ziwiri pa mtengo wa chimodzi" mupeza mwina K400,000. Chotsanipo thiransipoti yochokera ku Limbe, chiphaso cha pamsika ndi nkhomaliro, tinene K20,000, phindu latsala K80,000. Vuto ndi nthawi. Zovala za pamwamba zimatha masiku atatu oyamba, zinazo zimakwawa, belo kutha masabata asanu ndi limodzi, ndipo gulu silidziwa za theka la mwezi, mukangolowa mwezi wachiwiri mwalipira wonse. Miyezi iwiri K120,000, phindu K80,000. Mwaluza K40,000 pa belo loti mwagulitsa bwinobwino. Ndipo mukalephera ngakhale chiongola dzanjacho, magulu ambiri amachiphatikiza ku ngongole: K300,000 imakhala K360,000, kenako K432,000, mwezi wachitatu K518,400. Apo mwadutsa kale ndalama zonse zimene mungasunge chaka chathunthu, ndipo tsiku logawana amayamba achotsa ngongole pa masheya anu musanagwire kalikonse. Kusiyana kwake ndi katapila nkoti okulondolaniwo mumapemphera nawo tchalitchi chimodzi.

Ngongole ya 20 peresenti pa mwezi imafuna katundu wothamanga. Mnzanu wa tomato akakongola K50,000 nkumapikula sabata iliyonse, napeza K7,000 pa ulendo atachotsa zoola ndi thiransipoti, pa mwezi wapanga K28,000, gulu alipatsa K10,000, watsala ndi K18,000 ndipo ngongole wabweza mwezi womwewo. Ndalama yomweyo yazungulira kanayi chiongola dzanja chalipidwa kamodzi. Yanu yazungulira kamodzi chiongola dzanja chalipidwa kawiri. Musanakweze dzanja pa tsiku la ngongole dzifunseni kuti katunduyu atha masiku angati, ndipo phindu lake pa mwezi likuposa chiongola dzanja kawiri kapena ayi. Ngati silikuposa, dzanja likhale pansi. Lamulo loti munthu atha kukongola mpaka katatu ka zomwe wasunga analiika kuti liteteze bokosi, si kuti aliyense azifika pamenepo.

Panopa chitani izi. Zovala zotsalazo tsitsani mtengo zituluke sabata ino, ngakhale mtima ukuwawa, chifukwa diresi loti mukudikira K1,000 yoonjezera likukudyerani zoposa pamenepo likamagona m'chisaka. Masheya tsikani mufike pa imodzi pa sabata, K8,000 yotsalayo izipita ku ngongole. Sheya ikukupatsani K800 pa K2,000 pakutha pa chaka pomwe ngongole ikukulandani K400 pa K2,000 yomweyo mwezi uliwonse, ndiye kugula zisanu uli ndi ngongole nkutunga madzi ndi dengu, manyazi oti anzanga aziti chiyani asakupheni. Funsaninso mlembi ngati amalola kubweza pang'onopang'ono kuti chiongola dzanja cha mwezi wotsatira chiwerengedwe pa yotsala yokha, magulu ambiri amalola koma anthu safunsa.

Mpamba weniweni mu banki mkhonde umabwera tsiku logawana, chifukwa ndalama imeneyo ilibe chiongola dzanja ndipo palibe akudikira kuti mubweze. K672,000 ndi mabelo awiri anuanu, oti ngakhale atenge miyezi iwiri phindu lonse ndi lanu. Tsoka lake tsikulo limagwa mu Disembala, feteleza akufunika, Khirisimasi ili pakhomo, fizi ya Januwale ikusuzumira, ndipo abale onse amadziwa tsiku limene gulu lanu ligawane kuposa mmene amadziwira tsiku lanu lobadwa. Achimwene adzaimba madzulo omwewo. Choncho gawani ndalamayo pa pepala Novembala asanathe, yakuti ya belo, yakuti ya fizi, yakuti yoyambira masheya chaka chamawa, kenako kakang'ono ka abale kamene mwasankha nokha, ndipo ya beloyo ikagule belo mmawa mwake, isagone m'nyumba masiku awiri. Ndalama yosunga m'manja masiku ano imasungunuka, mukukumbuka Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, amene anagawana Disembala wake anapeza mitengo ya katundu itathawa kale.

Chimene chimandipweteka mutu kwambiri ndi kalembera. M'kalata yanu mwandiuza mtengo wa sheya ndi ngongole koma simunandiuze kuti belo lapitalo munapeza zingati, ndipo ndikukayika ngati mukudziwa. Gulani kope la K500 kapena kaya likugulidwa bwanji pano, tsamba limodzi belo limodzi: tsiku lopikula, mtengo, thiransipoti, zogulitsa za tsiku lililonse, ndi zimene mwatapa kugulira ndiwo, izinso lembani, chifukwa ndiwo ndi zimene zimadya mabelo ambiri kuposa akuba. Tsiku limene chovala chomaliza chatuluka tsekani tsambalo muone. Masamba atatu otere adzakuuzani ngati geni yanu ingathe kunyamula ngongole, ine sindingakuuzeni kuposa kopelo.

Ku gulunso chimodzimodzi. Njira imeneyi anaiyambitsa a bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo mphamvu yake yonse ili poti chilichonse chimachitika pamaso pa anthu onse. Bokosi la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, wosunga bokosi alibe kiyi. Sheya iliyonse imadindidwa m'kabuku ka mwini wake iye akuona, owerenga ndalama awiri amawerenga mokweza, thumba la zadzidzidzi la maliro ndi matenda limakhala palokha osasakaniza ndi la ngongole, ndipo potseka msonkhano amalengeza zimene zatsala m'bokosi kuti sabata yamawa potsekula mufunsane ngati zikugwirizana. Masiku ano magulu ambiri bokosi analisiya, ndalama zimangotumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya msungichuma, nambala yomweyo imene amagulira mayunitsi a magetsi kunyumba kwake. Sindikuti ndi wakuba, koma PIN akuidziwa yekha, ndipo ngongole zikayamba kuperekedwa pa foni usiku gulu lisanakumane palibenso amene angakuuzeni ndalama zili panja ndi zingati.

Sabata ino mukapita funsani mafunso atatu pagulu, mwaulemu koma mokweza: m'bokosi kapena mu foni muli zingati lero, ngongole zili panja zonse pamodzi ndi zingati, ndipo ndi angati adutsitsa miyezi itatu osabweza. Mlembi wabwino amatsekula buku nkuyankha pompo. Akayamba zoti buku laiwalika kunyumba, kapena mukamva kuti ngongole yaikulu ili ndi wapampando, kapena ina inatengedwa m'dzina la membala koma anadya ndi mlamu wake wosakhala m'gulu, dziwani kuti K2,800 pa sheya ija ndi ya papepala chabe, chifukwa ngongole yosabwezedwa imatsitsa sheya ya aliyense, yanunso. Mukamva mayankhowo ndilembereninso, mubwere ndi tsamba loyamba la kope lija, ndipo za banki yachiwiri tidzakambe ngongole iyi ikafika pa ziro.