Kulemba ndemanga ndi kudinda pa PDF osakhudza mawu a mwini wake

"Ndine mlembi pa bungwe lina laling'ono ku Zomba. Lipoti lathu la pachaka lili mu PDF, masamba 24, ndipo anthu asanu ayenera kuliwerenga n'kuikapo maganizo awo, kenako apampando adindepo. Ndikuopa kuti wina asintha mawu kapena manambala ife osadziwa. Titani kuti aliyense alembepo koma lipotilo likhale momwe lilili?"

Zikomo mayi chifukwa cha imelo yanu. Mtima ukhale m'malo, PDF ili nayo kale njira yochitira zimenezi. Mukapaka chikasu pa chiganizo, mukalemba ndemanga kapena mukadinda chidindo, zinthu zimenezi sizilowa m'mawu a tsambalo. Fayilo imazisunga padera, chilichonse ndi dzina la amene wachiika, tsiku ndi malo ake pa tsamba. Zili ngati mwayala pulasitiki yoonekera pamwamba pa pepala n'kumalemba pa pulasitikiyo. Mukaichotsa, pepala lili mbee.

Vuto limabwera munthu akagwira chida cholakwika. Ndifotokoza za Adobe Acrobat Reader chifukwa ndi yaulere ndipo imapezeka m'maofesi ambiri. Auzeni anthu anu kuti atsegule `Comment` ndipo agwire ntchito m'menemo basi. Amene ali ndi Acrobat yolipira aonanso `Edit PDF`. Imeneyo asaigwire, chifukwa ndi imene imasinthadi mawu, ndipo sisiya chizindikiro pa tsamba. Mukakayika ngati chinthu chili pamwamba kapena chalowa m'tsamba, yang'anani pa mndandanda wa ndemanga umene umatuluka kumbali. Chilichonse chopezeka pa mndandandawo mungathe kuchifufuta mawu osakhudzidwa. Mawu atsopano amene ali pa tsamba koma pa mndandanda palibe, ndiye kuti wina walowa m'kati.

Tiyerekeze kuti pa tsamba 7 palembedwa kuti munagwiritsa ntchito K4,500,000 pa maphunziro a alimi, koma m'tebulo la pa tsamba 19 muli K5,400,000. Msungichuma waona. Ambiri amangopaka chikasu pa nambalayo n'kupitirira, ndipo ine chizolowezi chimenechi ndimadana nacho, chifukwa inu mudzaona chikasu koma simudzadziwa ngati akutsutsa, akufunsa kapena angokondwera nayo. Akapaka ndi `Highlight`, adinepo kawiri kuti patuluke kabokosi, alembemo kuti: "Sizikugwirizana ndi tebulo la pa tsamba 19, yolondola ndi iti?" Ngati akudziwa kale yolondola, pali chida chabwino koposa, chimene chimadula mzere pa mawu akale n'kumupatsa malo olembamo atsopano. Nambala yakale imaonekabe pansi pa mzerewo, yatsopano ili m'kabokosi, ndipo inu ndi amene mudzasankhe. Kukonza kwenikweni mudzachitire mu fayilo imene lipoti linalembedwamo poyamba, kaya ndi ya Word, kenako mutulutse PDF yatsopano.

Asanayambe, aliyense aone dzina limene likutuluka pa ndemanga zake. Pulogalamuyi imatenga dzina lolowera pa kompyuta, choncho mungalandire ndemanga makumi anayi zonse zolembedwa kuti `User` kapena `Admin`. Mu `Preferences`, pa `Commenting`, achotse chizindikiro pa `Always use Log-in Name for Author name`, kenako alembe dzina lawo mu `Properties` ya ndemanga yoyamba n'kuisandutsa yokhazikika.

Nanga anthu asanu, mafayilo asanu? Musamapatsirane fayilo imodzi kuchoka kwa uyu kupita kwa uyu, chifukwa aliyense angathe kufufuta ndemanga ya mnzake mwangozi, komanso woyamba kulemba amakoka maganizo a otsatira. Sungani fayilo yoyambirira pamalo pamene palibe wina aigwire. Tumizani kope lofanana kwa onse, aliyense abweze ataonjezera dzina lake pa dzina la fayilo. Ndiyeno tsegulani kope loyera la yoyambirira ija, pitani pa mndandanda wa ndemanga, musankhe `Import Data File`, n'kulowetsa za aliyense mmodzimmodzi. Apa pali phindu limene ambiri saliona: chimene chimalowa ndi ndemanga zokha. Ngakhale wina atasintha nambala m'kope lake, kusinthako sikufika kwa inu. Yankho lenileni la nkhawa yanu ndi limeneli. Ndipo amene bandulo imawavuta angasankhe `Export All To Data File`, imene imatulutsa kafayilo kakang'ono ka `.fdf` kokhala ndi ndemanga zokha, m'malo motumiza lipoti lonse ndi zithunzi zake.

Chenjezo limodzi pamenepa. Ndemanga zimakumbukira nambala ya tsamba ndi malo ake, sizikumbukira chiganizo. Mukaonjezera tsamba limodzi kumayambiriro anthu atayamba kale kuwerenga, ndemanga ya msungichuma ija idzagwera pa tsamba 7 latsopano, pamene pali nkhani ina. Mukaona chikasu chili pa malo opanda mawu kapena chadutsa pakati pa mizere, dziwani kuti makope asiyana.

Tsopano za chidindo cha apampando. Pa chida cha `Stamp` pali gulu lotchedwa `Dynamic`, momwe muli zidindo ngati `Reviewed` ndi `Approved` zimene zimadzilemba zokha dzina, tsiku ndi nthawi. Dzinalo limachokera pa `Identity` mu `Preferences`, nthawi imachokera pa wotchi ya kompyutayo. Koma ndikupempheni kuti muwafotokozere bwino apampando: chidindochi ndi ndemanga ngati zinazo. Munthu angachisunthe, angachifufute, angachikopere n'kukachiika pa fayilo ina. Ngakhale mutachonga `Locked`, wina angachotse chizindikirocho. Ndi chabwino posonyeza anzanu mu ofesi kuti lipoti lafika pati. Ngati likupita kwa opereka thandizo kapena owerengera ndalama ndipo mukufuna umboni woti silinasinthidwe chivomerezedwere, pakufunika saini ya setifiketi, imene imachenjeza fayilo ikasinthidwa pambuyo posaina.

Zina zimene zimapweteketsa anthu ndi za posunga. Wina akamaliza amasankha `Print` n'kutulutsa PDF ina kudzera pa `Microsoft Print to PDF`, poganiza kuti akusunga. Apo chikasu ndi chidindo zimamatirira ku tsamba, sizichokanso, ndipo mawu a m'timabokosi amatayika. Auzeni agwiritse `Save` kapena `Save As` basi. Posindikiza pa pepala, yang'anani pa `Comments & Forms`: `Document` itulutsa lipoti loyera, `Document and Stamps` itulutsa ndi chidindo chokha, `Document and Markups` itulutsa zonse zopakidwa.

Ngati masamba ena, monga kalata yosainidwa, anajambulidwa pa sikana, chikasu sichigwira mzere wa mawu bwinobwino chifukwa tsambalo ndi chithunzi chabe. Pamenepo ajambule bokosi mozungulira ndime imene akunena n'kulemba ndemanga pa bokosilo. Ndipo wina asayese kubisa malipiro a antchito kapena manambala a ku banki popaka mtundu wakuda. Popeza chopakacho chili pamwamba, wolandira angachifufute, kapena kungokopera mawu a pansi pake n'kuwawerenga onse. Zofunika kubisa muzichotseretu mu Word musanatulutse PDF imene mudzatumize kwa anthu asanuwo.