Mtengo ukaboola denga ndigule basi? Ndaluza katatu

*"Akulu, ndimachita tiredi ya golide pa foni. Mnzanga anandiuza kuti mtengo ukadutsa pamwamba kwambiri pa makandulo 20 apitawo ndizigula, ukadutsa pansi ndizigulitsa. Ndayesa katatu pa M15, tchati cha makandulo a mphindi 15, katatu konse mtengo wabwerera n'kundidyera ndalama. Mu akaunti mwatsala madola 300. Lamuloli ndi labodza, kapena ndikulakwitsa penapake?" Wowerenga wa ku Zingwangwa*

Achimwene, mnzanuyo sananame, koma anakupatsani khasu lopanda mpini. Wakuuzani polowera, sanakuuzeni potulukira, ndiponso sanakuuzeni kuchuluka kwa zomwe muyenera kugula. Ndalama zimapita pa ziwiri zimenezo.

Lamuloli ndi lakale. Analitchukitsa Richard Donchian wa ku America, n'chifukwa chake pa mapulogalamu ambiri a matchati mulipeza ndi dzina loti Donchian Channels. Iye ankayang'ana masabata anayi, omwe ndi masiku 20 a msika. Mu 1983 Richard Dennis ndi William Eckhardt anaphunzitsa gulu la anthu ku Chicago, lomwe linadziwika kuti ma Turtles, ndipo limodzi mwa malamulo awo linali lomweli: gula mtengo ukapyola wokwera kwambiri wa masiku 20, tuluka ukatsika kupyola wotsika kwambiri wa masiku 10. Linalo linali la masiku 55 polowa ndi 20 potuluka. Onani kuti ndikunena masiku. Makandulo 20 a M15 ndi maola asanu okha, ndipo golide amatha kuboola denga la maola asanu m'mawa, n'kuboolanso pansi pake madzulo, osapita kulikonse. Pamenepo amene amadya ndi broka, chifukwa sipuredi, kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, mumalipira nthawi iliyonse mukalowa.

Sinthani tchati chikhale pa D1, pomwe kandulo imodzi ndi tsiku limodzi. Denga ndi mtengo wokwera kwambiri wa masiku 20 omwe atha kale, osawerengera lero. Apa ambiri amapunthwa: mukaphatikiza kandulo ya lero, denga limakwera limodzi ndi mtengo, ndiye simudzaona libooledwa. Mu Excel, mitengo ya High ikakhala mu C, ya Low mu D, ndipo lero ndi mzere 22, mulembe chonchi:

```
=MAX(C2:C21)
=MIN(D12:D21)
```

Yoyambayo ndi polowera, yachiwiriyo ndi potulukira. Tsiku lililonse msika ukatseka mumawerengeranso, n'kuika Buy Stop, oda yogula yokha mtengo ukaifikira, pamwamba pang'ono pa denga. Ntchito ya mphindi zisanu, foni n'kuibweza m'thumba.

Chatsala ndi muyezo wa mmene golide amayendera pa tsiku. Ma Turtles ankautcha N, ndipo pa MT5, pulogalamu yochitira tiredi, mungaupeze ndi Average True Range ya masiku 20. Iwo ankaika Stop Loss, sitopu yomwe imakutulutsani yokha mtengo ukakutembenukirani, pa mtunda wa N ziwiri kuchokera pomwe alowera.

Tiyeni tichite masamu ndi mitengo yongoyerekeza. Denga lili pa 2,400, N ndi madola 25, ndipo mwagula 0.01 loti, yomwe kwa mabroka ambiri ndi aunsi imodzi ya golide, kutanthauza kuti mtengo ukasuntha dola imodzi, inunso mwapeza kapena mwataya dola imodzi. Mwalowa pa 2,400, sitopu ili pa 2,350. Mtengo wakwera kufika 2,415, mtima wayamba kukoma, kenako wabwerera mpaka wagunda sitopu. Madola 50 apita. Patatha masabata atatu waboolanso, pa 2,420, ndipo wachitanso zomwezo. Ena 50. Apa ndi pamene munthu amatukwana mnzake amene anamuphunzitsa, n'kufufuta mizere ija pa tchati.

Kachitatu waboola pa 2,430 ndipo ulendo uno sakubwerera. Akukwera, akupuma, akukweranso, mpaka 2,640. Pansi pa masiku 10 paja nawonso pakukwera pambuyo pake ngati mwana wolondola amake ku chigayo, ndipo inu tsiku lililonse mukukweza sitopu kuti ifanane napo, osaitsitsa ngakhale kamodzi. Mtengo watembenuka, wakutulutsani pa 2,570. Mwapeza 140. Chotsani 100 ija, mwatsala ndi 40, musanachotse sipuredi ndi swapu, ndalama yomwe broka amadula mukagoneka tiredi usiku. Pa tiredi ya milungu isanu ndi umodzi swapu si yoseka nayo, ndiye iyang'aneni pa Specification musanalowe.

Taonani zomwe zachitika pamenepo. Mwaluza kawiri, mwawina kamodzi, koma mwatuluka ndi kangachepe. Lamuloli limayenda choncho: nthawi zambiri kuboola kumakhala kwabodza, ndipo phindu la chaka chonse limatha kuchokera ku matiredi awiri kapena atatu. Taonaninso kuti pa 2,640 munali ndi phindu la 210, koma mwatuluka ndi 140. Madola 70 amenewo mwawaona ndi maso akusungunuka. Zimawawa, ndikudziwa, koma ndi mtengo wake, chifukwa lamuloli silidziwa pomwe pali nsonga, limangodikira mtengo utsimikize kuti watembenuka. Ine nditangoyamba ndinkatseka phindu likafika 40, poopa kuti lithawa. Zoluza ndinkazisenza zonse zathunthu, zowina n'kumazidula zikadali nthete. Masamu ake sangatuluke.

Tsopano nkhani ya madola 300 anuwo, yomwe ndi yaikulu kuposa zonsezi. Ma Turtles ankayeza kuti N imodzi ikhale 1 peresenti ya akaunti, choncho sitopu ya N ziwiri inkadya 2 peresenti. Kuti madola 50 akhale 2 peresenti, akaunti iyenera kukhala ya 2,500. Kwa inu 50 ndi pafupifupi 17 peresenti, ndipo kuluza kasanu motsatizana, zomwe sizachilendo msika ukamangozungulira malo amodzi, kukusiyani ndi madola 50 okha. Ndipo N ikakhala yoposa 25, monga zimakhalira golide akalusa, dzenjelo limakula. Musayese kuthetsa vutoli pofupikitsa sitopu. Mukaiika pa madola 10, kayendedwe wamba ka tsiku limodzi kadzakutulutsani mtengo usanaganize kolowera. Njira zilipo ziwiri: akaunti ya masenti, ngati broka wanu ali nayo, kuti muzigula kagawo kakang'ono ka aunsi, kapena demo, akaunti yongoyeserera, mpaka ndalama zitakwana. Kukongola katapila kuti mudzazire akaunti, ayi ndithu.

Dziwaninso kuti sitopu si lonjezo. Msika ukatseka Lachisanu n'kutsegula patali sabata yotsatira, kapena pakatuluka nkhani ya chiwongoladzanja ku America, mutha kutulutsidwa pa 2,340 m'malo mwa 2,350. Mbali yogulitsa ndi yomweyo mwagalasi: mumalowa mtengo ukatsika kupyola pansi pa masiku 20, n'kutuluka ukakwera kupyola denga la masiku 10. Koma musatenge zimenezi n'kupita nazo ku Malawi Stock Exchange mwachimbulimbuli. Masheya ena kumeneko amatha masiku osagulidwa kwenikweni, ndiye tsiku lomwe lamulo lati tulukani, wogula akhoza kusowa.

Musanaikenso tambala, tengani mitengo ya golide ya D1 ya zaka zitatu kapena zisanu, muiike mu Excel, mulembe kuboola kulikonse, polowera, potulukira, ndi zomwe zatsala mutachotsa sipuredi ndi swapu. Musasinthesinthe 20 kukhala 17 kapena 23 kufuna nambala yokongola, chifukwa nambala yosokedwa pa mitengo yakale imang'ambika ikakumana ndi ya mawa. Muwerenge kuti munaluza kangati motsatizana pa nthawi yoipitsitsa, muchulukitse ndi ndalama ya sitopu yanu, kenako muyerekeze ndi 300 ija. Zomwe mupeze mudzandilembere.