Nyimbo za kwaya zikuoneka ngati Unknown artist

"Abale, kwaya yathu yatulutsa chimbale cha nyimbo 10, koma mufoni zikungolemba Unknown artist, chithunzi palibe, ndipo zikusakanikirana ndi nyimbo za ena. Titani?"

Achemwali, musagawirenso munthu wina aliyense mpaka mutakonza, chonde. Nkhani imeneyi inatiliza ife ndipo mtima umandiwawabe.

Ifenso ndi a kwaya. Tinasonkha ndalama chaka chathunthu, amayi ena mpaka kugulitsa nkhuku ndi mtedza, kuti tijambule chimbale. Mnyamata wa pa situdiyo anatipatsa fulashi madzulo, mawa lake kuli mwambo wokhazikitsa chimbalecho, ndipo anatitsimikizira kuti zonse zili m'malo mwake. Usiku womwewo anyamata athu anakopera nyimbozo m'mamemore khadi ndi m'mafulashi oti tikagulitse. Tsiku la mwambo holo inadzaza, abusa ali kutsogolo, alendo ochokera kumipingo ina ali pomwepo, ndipo laputopu inalumikizidwa ku pulojekita kuti anthu aziona chikuto cha chimbale nyimbo ikamalira. Nyimbo yoyamba itangoyamba, pakhoma ponse panatuluka nkhope ya mnyamata uja, atavala magalasi akuda, chala chili m'mwamba, m'munsi mwake muli dzina la situdiyo yake ndi nambala yake ya foni. Pamalo pa dzina la woimba panali dzina lake. Pamalo pa dzina la nyimbo panalembedwa `final mix 3 new`. Achinyamata kumbuyo anayamba kuseka. Mayi amene anapeka nyimboyo, amene anaipeka atataya mwana wawo, anangoweramitsa mutu n'kufunda chitenje kumaso. Wapampando wathu anathamangira kukazula waya wa pulojekita, ndipo phokoso lonse linazima nalo limodzi. Tinakhala chete pamaso pa anthu onse aja, kenako tinaimba pakamwa popanda zing'wenyeng'wenye. Mafulashi ambiri anali atagulidwa kale pakhomo, ndiye mpaka lero m'mafoni a anthu nyimbo zathu zimayenda ndi nkhope ya munthu amene sanaimbeko ngakhale liwu limodzi.

Titamufunsa anayankha kuti kompyuta imangoika yokha. Bodza lenileni! Kompyuta siijambula munthu atavala magalasi n'kumulowetsa m'nyimbo. Anazikonza dala kuti nyimbo iliyonse yotuluka mu situdiyo mwake izimutsatsira malonda, pamene ndalama tinamulipira zonse osatsala ndi tambala. Anthu otere amadyera pa thukuta la anzawo, ndipo amadziwa bwino kuti ambiri a ife sitidziwa kuti mkati mwa fayilo mumakhala zolembedwa.

Pagona nkhani ndi pomwepo. Dzina limene mumaliona pa fayilo mukatsegula foda ndi lina, zimene foni imawerenga ndi zina. Mkati mwa fayilo ya MP3 muli kachigawo kobisika kotchedwa ID3, komwe kamasunga dzina la nyimbo, woimba, chimbale, nambala ya nyimbo ndi chithunzi. Timati matagi. Mukhoza kusintha dzina la fayilo kambirimbiri, koma ngati matagi ali opanda kanthu, foni idzalembabe Unknown artist.

Pezani kompyuta, ngakhale yobwereka, muikemo pulogalamu ya Mp3tag. Pa Windows ndi yaulere. Musanakhudze kalikonse koperani nyimbo zonse mu foda ina yosungira. Kenako kokerani foda ya chimbale mu Mp3tag, musankhe nyimbo zonse 10 pamodzi ndi `Ctrl+A`, ndipo kumanzere mudzaona mabokosi olembamo. Zinthu zofanana pa nyimbo zonse, monga Album, Album Artist, Year ndi Genre, muzilembe kamodzi zonse zili zosankhidwa, n'kusunga ndi `Ctrl+S`. Bokosi la Title lidzakhala likuonetsa `< keep >`. Musalikhudze, chifukwa mukalembamo kanthu nyimbo zonse zidzatenga dzina limodzi. Maina a nyimbo mulembe imodziimodzi pambuyo pake.

Chimene chimamwaza chimbale kwambiri ndi bokosi la Album Artist, ndipo ambiri amalisiya lopanda kanthu. Taganizirani kuti nyimbo yachitatu mwaimba ndi mlendo, ndipo pa Artist mwalemba dzina la kwaya ndi la mlendoyo. Mapulogalamu ambiri amaona ngati ameneyo ndi woimba wina, ndiye nyimboyo imachoka pakati pa zinzake n'kukaima payokha ngati chimbale cha nyimbo imodzi. Mukalemba dzina la kwaya lokha pa Album Artist ya nyimbo zonse, chimbale chimagwirana ngakhale pa Artist pakhale posiyana. Ndipo kalembedwe kakhale kamodzi ndendende. Nyimbo ina mukawonjezera dzina la mpingo kumapeto, ina osawonjezera, ina mwaika kadontho, foni imawerenga makwaya atatu. N'chifukwa chake ndikuti muzilemba kamodzi nyimbo zonse zili zosankhidwa, osati kutayipa mobwerezabwereza. Kuti mudziwe ngati zalakwika, tsegulani mndandanda wa oimba mufoni. Kwaya yanu ikaoneka kawiri, penapake pali chilembo chosiyana.

Manambala a pa Track musawaiwale. Popanda iwo foni imandandalika nyimbo potsata alifabeti, ndiye nyimbo yotsekera imatha kukhala yoyamba. Mu Mp3tag sanjani nyimbo mmene mukufunira, mudine `Ctrl+K`, ndipo idzaziika manambala yokha kuyambira 1 mpaka 10.

Tsopano chithunzi. Wojambula chikuto adzakupatsani chachikulu, mwina cha 3000 x 3000, chifukwa n'chimene makampani otumiza nyimbo pa intaneti amakonda kupempha. Chimenecho sungani, koma musachilowetse mu fayilo ya nyimbo. Chimanenepetsa fayilo iliyonse pachabe, anthu amawononga bandulo pokopera, ndipo mawailesi ambiri a m'galimoto amalephera kuchitsegula n'kungoonetsa pakuda. Mupempheni akupangireni china cha 500 x 500 kapena 600 x 600, mbali zonse zofanana, cha mtundu wa JPEG. Mumuuzenso kuti pochisunga asasankhe progressive, chifukwa zipangizo zina zakale zimangowerenga baseline. Mukachipeza, sankhani nyimbo zonse, dinani batani lakumanja la mawusi pa bokosi la chithunzi lili m'munsi kumanzere, musankhe Add cover, muonetsetse kuti mtundu wake ndi Front Cover, kenako musunge ndi `Ctrl+S`. Ngati munali kale chithunzi china, yambani mwachichotsa ndi Remove cover. Fayilo imodzi imatha kunyamula zithunzi zingapo, ndipo chakale chija chikatsalamo chimadzatulukira pa chipangizo cha munthu wina inu musakudziwa. Dinaninso `Alt+T` kuti muone zonse zobisika, chifukwa anthu ngati mnyamata wathu uja amalemba maina awo ngakhale m'mabokosi amene saonekera kutsogolo. Mukazipeza, fufutani.

Pali china chimene chimazunguza anthu. Mafoni ambiri a Android amasunga chithunzi chimodzi pa dzina lililonse la chimbale. Ngati pa Album palibe kanthu, nyimbo yanu imaunjikidwa pamodzi ndi nyimbo zina za mu foda yomweyo, ndiye imatha kuvala chikuto cha nyimbo ya kumowa imene munthu anakopera kale. Choncho ngakhale mutatulutsa nyimbo imodzi yokha, pa Album lembanipo dzina, ngakhale la nyimbo yomweyo. Komanso mukakonza matagi koma foni n'kumaonetsabe zakale, musathamangire kunena kuti sizinatheke. Foni imakumbukira zimene inawerenga poyamba. Fufutani nyimbozo mufoni, muizimitse n'kuiyatsanso, kenako mukoperemo zatsopano.

Za ife olemba Chichewa pali msampha wina. Matagi ali ndi mitundu. Wakale kwambiri, ID3v1, umangolola zilembo 30 pa dzina la nyimbo, ndipo maina athu a nyimbo zauzimu mukuwadziwa kutalika kwake, amaduka pakati. Watsopano, ID3v2.4, ndi wabwino koma mawailesi ena a m'galimoto sauwerenga. Umene umayenda pafupifupi paliponse ndi wapakati. Mu Mp3tag lowani mu Options, kenako Tags, kenako Mpeg, ndipo pa Write musankhe `ID3v2.3 UTF-16`. Musasankhe ISO-8859-1, chifukwa mulibe chilembo cha ŵ, ndiye liwu ngati Malaŵi silingalembeke bwino. Ngakhale mutasankha bwino, sikirini ya wailesi yotchipa ikhoza kuonetsa kabokosi pamalo pa ŵ, ndiye ife tinangogwirizana zolemba w wamba. Pa mawu ngati ng'oma kapena pang'ono, tayipani kachizindikiro kowongoka ka pa kiyibodi, osakopera kuchokera mu Word, chifukwa kopindika ka mu Word kamasanduka zilembo zachilendo pa zipangizo zina. Ngati situdiyo inakupatsani mafayilo a WAV, amenewo ndi osunga. Matagi ake zipangizo zambiri siziwawerenga, ndiye ogawira anthu akhale MP3.

Koma ndikuuzeni zoona, mutachita zonsezi, m'minibasi ndi pa masipika olowetsa fulashi aja matagi alibe ntchito kwenikweni. Zipangizo zambiri zotere zimatsata dzina la fayilo, zina zimatsata mmene nyimbo zinalowera mu fulashi pokopera. Ndiye dzina la fayilo musalinyoze, mwinanso ndi lofunika kuposa zonse ndanenazi. Mu Mp3tag sankhani nyimbo zonse, pitani pa Convert, kenako Tag - Filename, mulembe izi:

```
$num(%track%,2) - %artist% - %title%
```

Mafayilo adzayamba ndi 01, 02 mpaka 10. Ziro wa kutsogoloyo ndi wofunika, chifukwa popanda iye nyimbo ya 10 imabwera pambuyo pa 1, nyimbo ya 2 isanafike. Fulashi ikhale yofomatidwa pa FAT32, yopanda kanthu, ndipo ngati wailesi ikusokonezabe, koperani nyimbo imodziimodzi motsata manambala. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, osati Audio, chifukwa mukatumiza ngati Audio fayilo imakafika ndi dzina loyamba ndi `AUD-` lotsatana ndi manambala, ndipo kumeneko palibe angaizindikire.

Osakhulupirira munthu, muzichita nokha. Komabe ngati kompyuta mulibe, bwererani kwa wa situdiyo yemweyo, iye ntchitoyi aimaliza m'mphindi zochepa, koma mukhale pambali pake maso ali pa sikirini, ndipo ndalama yomaliza musapereke mpaka mutayesa fulashiyo mufoni, pa laputopu ndi m'galimoto. Ndipo m'bokosi la Comment ikanimo nambala ya mlembi wa kwaya yanu, kuti nyimbo ikafika kutali anthu ofuna kukuitanani adziwe kokupezani. Oika nyimbo m'mamemore kumsika ena adzafufutabe n'kuikamo zawo, zimenezo simungaziletse, koma foda yoyamba yokonzedwa bwino isungidwe kwa anthu awiri a m'komiti, osati kwa wa situdiyo.