Wonani kaye mzere umene phindu likuwerengedwa

"Akuluakulu, lamulo langa logulira ndi kugulitsira golide ndaliyesa pa mitengo ya 2019 mpaka 2024, madola 1,000 afika 9,400 ndipo miyezi yoluza ndi itatu yokha. Ndiikepo ndalama zenizeni tsopano, kapena pali china choti ndione kaye?"

Achimwene, musaike. Ndikukupemphani. Miyezi itatu yokha yoluza pa zaka zisanu ndi chimodzi, ine mtima wagunda nditangowerenga, chifukwa tchati chokwera mosalala chonchi ndi chimene chinandidyera madola 500 a ngongole.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tonse tinkafuna kanthu kobweretsa madola. Mkulu wina amene amaphunzitsa anthu kumsika wa ndalama pa loji ina ku Area 47, dzina sinditchula, ena muno mukumudziwa, anandigulitsa fayilo ya Excel pa K150,000. Lamulo lake linali losavuta: golide akatseka tsiku pamwamba pa SMA ya masiku 10, kutanthauza avareji ya mitengo yotsekera ya masiku khumi omaliza, gula, akatseka pansi, gulitsa. M'fayilomo munali mitengo ya zaka zambiri ndi mzere wa phindu wokwera ngati msewu wopita ku Dedza. Ndinawerenga ndekha mizere ingapo ndi kakyuleta, masamu ankagwirizana. Mayi akunyumba anakanditengera ndalama ku banki mkhonde m'dzina lawo, ndinagula madola, ndinatsegula akaunti kumayambiriro kwa Januwale 2024, loti 0.03, kutanthauza maaunsi atatu, golide akasuntha dola imodzi ine ndapeza kapena ndataya madola atatu.

Januwale ndi Febuluwale uja golide sankapita kulikonse, ankangozungulira cha m'ma 2,030, lero pamwamba pa mzere mawa pansi. Kandulo ya tsiku nyengo imeneyo imatseka 12 koloko usiku nthawi ya kuno, ndiye ndinkakhala maso ku Area 25 kudikira itseke, n'kutsatira lamulo ndendende osaphonya. Ndikagula, amatsika. Ndikatembenuza n'kugulitsa, amakwera. Madola 50, 60, 70 kupita ulendo uliwonse.

Usiku umene sindidzauiwala unali wa pakati pa Febuluwale. Magetsi anali atazima, mvula ikugwa padenga, laputopu itatsala ndi 20 peresenti, m'akaunti mutatsala madola 90 ndi zingapo. Mawa lake linali tsiku la msonkhano wa banki mkhonde ndipo mayi akunyumba anali atandifunsa kale kawiri kuti akanene chiyani kwa amayi anzawo. Ndinati ndione pamene ndalakwitsa, chifukwa ndinkakhulupirirabe kuti wolakwa ndine, mwina ndinkachedwa kulowa. Ndinalemba mitengo ya milungu isanu ndi umodzi ija m'fayilo ya mkulu uja, n'kutsegula History ya MT5, pulogalamu yochitira malondawo, pafoni pambali pake. Fayilo inati pa milungu yomweyo ndapindula. Masiku omwewo, mitengo yomweyo, lamulo lomwelo. Foni ikuti ndataya madola oposa 400, Excel ikuti ndili pa phindu. Manja ankanjenjemera. Ndinayamba kutsata tsiku ndi tsiku ndi chala pasikirini, mpaka ndinadina pa selo ya phindu n'kuwerenga zimene zinalembedwamo:

```
C100: =AVERAGE(B91:B100)
D100: =IF(B100>C100,1,-1)
E100: =D100*(B100-B99)
```

Yang'anani E100 bwinobwino. B ndi mtengo wotsekera, C ndi SMA, D ndi chigamulo, 1 kugula, -1 kugulitsa. Chigamulo cha pa mzere 100 chimadziwika kandulo ya tsikulo itatseka, pakati pa usiku. Koma fayilo ikuchichulukitsa ndi kusuntha kwa mtengo kuchoka dzulo kufika pa kutseka komweko. Ndiye kuti ikukulipirani ngati munagula m'mawa mukudziwa kale mmene tsiku lithere.

Tiyerekeze Lolemba golide watseka pa 2,015, pansi pa SMA, ndiye inu mwagulitsa. Lachiwiri wakwera n'kutseka pa 2,040, pamwamba pa mzere. Munthu weniweni Lachiwiri lonse anali wogulitsa, wataya madola 25 pa aunsi, ndipo kugula kwake kukuyambira pa 2,040. Fayilo ija ikulemba kuti Lachiwiri munali wogula, mwapeza 25. Kusiyana kwake ndi madola 50 pa aunsi, pa loti yanga ija 150, tsiku limodzi lokha. Masiku amene chigamulo sichisintha vutoli silioneka konse, D99 ndi D100 zimafanana, n'chifukwa chake mizere imene ndinawerenga ndi kakyuleta inkagwirizana. Limaluma pa tsiku lotembenuka basi, ndipo tsiku limenelo pafupifupi nthawi zonse mtengo umakhala wasunthira mbali ya chigamulo chatsopano, poti kusunthako n'kumene kwaudutsitsa mzere. Msika ukamazungulira malo amodzi kutembenuka kumachuluka, ndiye pamene munthu akukhetsa ndalama kwambiri m'pamene fayilo ikusonyeza phindu lokoma. Kukonza kwake ndi nambala imodzi:

```
E100: =D99*(B100-B99)
```

Nditakokera fomulayi pansi mizere yonse, phindu la zaka zonse zija linasungunuka, kunatsala kamzere kokwera n'kutsika, kothera pafupi ndi pamene kanayambira, sipuredi, kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, ndi swapu, ndalama yodulidwa ukagona ndi malonda otsegula, ndisanachotse n'komwe. Laputopu inazima ndili chikhalire pampando.

M'mawa ndinamutumizira mkulu uja zithunzi za selo ija. Anandiyankha kuti vuto langa ndi maganizo, ndilibe mwambo wa munthu wa pamsika, ndipo ali ndi kalasi ina ya zimenezo ya K80,000. Nditalemba m'gulu lake kuti anzanga aone fomulayo, anandichotsa pasanathe mphindi khumi. Zimenezi n'zimene zimandiwawa mpaka lero kuposa ndalama. Kulakwitsa mzere aliyense angathe, koma munthu wakuonetsa poyera, iwe n'kupitiriza kugulitsa fayilo yomweyo kwa ana asukulu ndi azimayi a geni, pamenepo ndi kuba. Iye sanaikepo tambala yake pa lamulo limenelo, ndikutsimikiza, akanaika akanadziwa mlungu woyamba. Mayi akunyumba anabweza ngongole ija miyezi isanu ndi ndalama za mandasi ndi zanga za malipiro, akunyozedwa pa msonkhano uliwonse chifukwa cha ine.

Ndiye inu musanachite china chilichonse, pezani pamene chigamulo chikukumana ndi phindu. Ngati ndi Python, payenera kukhala `shift(1)` pa chigamulo. Ngati mukugwiritsa ntchito ZigZag kapena chilichonse cholemba nsonga ndi zigwa za mtengo, dziwani kuti nsonga imadziwika mtengo utabwerera kale, koma patchati chakale imaoneka ngati inalipo nthawi yomweyo. Njira yogwirira wakuba wamtunduwu ndi kudula deta: chotsani miyezi itatu yomaliza, yendetsaninso, muone ngati zigamulo za masiku otsalawo zili chimodzimodzi. Chimodzi chokha chikasintha, lamulo lanu limasuzumira kutsogolo.

Cholakwa chachiwiri ndinadzichita ndekha, palibe wondinamiza. Nditakonza fomula ndinati lamulo n'labwino, kungoti 10 si nambala yoyenera. Ndinayesa SMA kuyambira 11 mpaka 60, manambala 50, ndi malo 20 osiyana oikapo Stop Loss, mtengo umene malonda amatsekeka okha ukamaluza. Kuphatikiza zonse ndi mayeso 1,000 pa mitengo yomweyomweyo. Imodzi inatuluka yokongola, SMA 37, ndipo ndinasangalala ngati ndatola chikwama. Koma taganizani anthu 1,000 pa Bingu Stadium, aliyense akuponya kobiri kakhumi. Mwayi woti munthu mmodzi apeze mutu kakhumi konse ndi 1 pa 1,024, ndiye pagulu lonselo sizodabwitsa wina akapezeka. Munthuyo sadziwa kuponya kuposa anzake, ndipo mukamubetchera ulendo wotsatira muli pa theka ndi theka. SMA 37 yanga inali munthu ameneyo.

Chinandionetsa ndi anansi ake. 35 inkaluza, 36 inali pafupi ndi ziro, 38 ndi 39 zinkaluza. Msika sungadziwe kusiyana kwa masiku 36 ndi 37. Lamulo likakhala ndi chenicheni mkati, manambala oyandikana amapereka zotsatira zofananirako, mumaona chitunda chotambalala. Mukaona nsonga imodzi itaima yokha pakati pa zoluza, nambalayo yangodutsa mwamwayi pakati pa masiku awiri kapena atatu oipa a m'mbuyomo. Nditayang'anitsitsa, phindu lake loposa theka linkachokera pa malonda anayi okha.

Ndiye dzifunseni moona mtima kuti 9,400 yanuyo inatuluka pa kuyesa kwachingati. Ngati munasintha manambala kambirimbiri, mukuwonjezera kasefa apa, kuchotsa Lachisanu apo, mpaka miyezi yoluza itatsala itatu, zaka zonsezo mwazigwiritsa kale ntchito, sizingakhalenso mboni. Pezani mitengo imene lamulo silinaionepo, monga 2013 mpaka 2018, muyendetse kamodzi osakhudza nambala iliyonse. Kamodzi. Zikaipa n'kubwerera kukasintha kuti nazonso zikome, mwaziwononga nazonso. Kumbukiraninso kuti kuchokera 2019 mpaka 2024 golide anakwera kwambiri, kuchoka cha m'ma 1,300 kufika kupitirira 2,600, ndiye lamulo lililonse lokonda kugula lioneka lanzeru. Liyerekezeni ndi munthu amene anangogula n'kukagona. Ndipo muchotse sipuredi pa malonda aliwonse ndi swapu ya usiku uliwonse umene mwagona ndi malonda otsegula.

Ndinene chilungamo, Malichi 2024 golide anaphulika kupitirira 2,100 n'kumangokwera, ndipo lamulo la mkulu uja, ngakhale lokonzedwa, likanagwira gawo labwino la ulendowo. Ine ndinali nditatha kale. Ndiye mwina ndikanalowa ndi 0.01 ndikanapulumuka, sindikana. Zonse zikadutsa, musakhalitse pa demo, akaunti yongoyeserera ija, ikani kandalama kochepa kanu, osati ka ngongole, loti 0.01, ndipo Loweruka lililonse muziika History ya MT5 pambali pa fayilo yanu, malonda amodzi amodzi, mtengo wolowera ndi wotulukira. Ndikanachita zimenezi mlungu woyamba ndikanataya 60 yokha. Osalipiranso munthu aliyense wa makalasi, koma fayilo yanuyo ipatseni wina wodziwa Excel kapena Python aione ndi maso ena, ngakhale atafuna ya bando mupatseni. Kapena jambulani selo ya phinduyo muike pano, ndiyang'ana ndikaweruka madzulo ano.